Zolemba za ntchito yathu youmitsa mango: masiku 34 oyamba

Tsiku 1

Takhala pansi atatu, ine, alamu anga ndi mayi ena amene akhala akuumitsa masamba kwa zaka zambiri, kuti tisankhe chimodzi choyamba nacho. Papepala panali maganizo asanu: tomato woumitsa, ufa wa chinangwa, mafuta a mtedza, mafuta a mpendadzuwa ndi mango oumitsa. Aliyense amakokera kwake, ndiye kuti tisamangokangana tagwirizana kufunsa ganizo lililonse mafunso awiri okha. Tikalowetsa makilogalamu 10, tituluka ndi zochuluka bwanji? Nanga mbewuyo ikachoka m'munda, imatidikira masiku angati isanawonongeke?

Tomato wagwa pa funso loyamba. Pa magalamu 100 alionse a tomato, pafupifupi 94 ndi madzi, choncho makilogalamu 10 akauma bwinobwino safika ndi magalamu 700 omwe. Chinangwa chagwa pa lachiwiri: chikazulidwa chimayamba kuda mkati pakangopita masiku awiri kapena atatu, ndipo ufa woyera bwino umafuna kusenda, kupala, kufinya ndi kuyanika tsiku lomwelo. Makina opalira tilibe. Komanso chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene sachoka ngati munthu wadumpha zina mwa ntchito zimenezi.

Mtedza ndaukana ndine. Mafuta ake ndi abwino, koma mtedza umene sunaume bwino umagwidwa chuku chotulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, ndipo poizoniyo wambiri amatsalira m'zofinyidwa zija zimene timaganiza zogulitsa ngati chakudya cha ziweto. Anthu anamudziwa poizoniyu chifukwa cha zotsalira za mtedza zomwezi: mu 1960 ku Mangalande nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wogaya wochokera ku Brazil. Ndi maso sitingamuone, ndipo choyezera tilibe.

Zatsala ziwiri. Mpendadzuwa wouma ungakhale m'thumba miyezi osadandaula, koma mango akapsa sabata satha. Tiyamba ndi mango.

Tsiku 3

Lero linali tsiku la sikelo. Tasenda makilogalamu 10 a mango omezanitsa, a mtundu wa Kenti, amene alibe ulusi wambiri. Makoko, njere ndi malo obulika zachotsa makilogalamu 4, ndipo mnofu wodula bwino watsala 6. Kenaka tayesa makilogalamu 10 a mango ang'onoang'ono aulusi aja. Mnofu sunafike ndi theka lomwe, ndipo mpeni sukanatha kutulutsa zidutswa zooneka, umangong'amba. Amenewa tawaika pambali, ngakhale ndi amene amatayika ambiri pansi pa mitengo.

Kapsedwe nako kali ndi malire. Mango oti ukadina chala chimalowa, amaterera pampeni ndipo amamata pathireyi. Osapsa amadulika bwino koma akauma amakhala otuwa ndi owawasa. Amene tikufuna ndi apakati: mkati afiira kale, fungo lamveka, koma akadali olimba moti chidutswa ukachinyamula ndi mbali imodzi sichithyoka.

Ntchito ina ya lero alamu aiona ngati masewera. Ndinayeza magalamu 100 enieni a mnofu, n'kuwadula mopyapyala kwambiri, n'kuwaika mu uvuni pa moto wochepa. Ndimatulutsa ndi kuyeza, kubwezeramo, kuyezanso, mpaka sikelo itasiya kutsika. Inaima pa magalamu 17. Ndiye kuti mango athuwa, 83 pa 100 ndi madzi, 17 ndiye shuga ndi zina zonse zimene tidzagulitse. Mango oumitsa oti asungike koma asachite kuuma gwa ngati chikuni amatsala ndi madzi apakati pa 12 ndi 15 pa 100. Ife tasankha 14, kutanthauza kuti m'katundu womaliza 86 pa 100 akhale zouma. Apa masamu ake ndi a pulayimale: kulemera kwa zaziwisi, kuchulukitsa ndi 17, kugawa ndi 86.

6,000 × 17 ÷ 86 = 1,186

Makilogalamu 10 a mango atipatsa kilogalamu imodzi ndi magalamu osakwana 200. Alamu atamva anangoti, "Ndiye kuti tikusenda tsiku lonse kuti tidzaze kathumba kamodzi?" Eya, ndi momwemo.

Tsiku 6

Mmisiri wamaliza choumitsira choyendera dzuwa. Chili ndi magawo awiri. Kutsogolo kuli bokosi lalitali lopendekeka, mamita awiri m'litali ndi imodzi m'lifupi, pansi pake lata lopaka penti yakuda, pamwamba pepala la pulasitiki loonekera. M'menemo simulowa chipatso, ntchito yake ndi kutenthetsa mpweya basi. Mpweyawo umalowa kumunsi, n'kukwera kukalowa m'kabati ya mathireyi anayi, n'kutulukira pachumuni pamwamba. Thireyi iliyonse ndi mita imodzi kwa theka la mita.

Chifukwa chotenthetsera mpweya n'chakuti mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri. Mpweya wa madigiri 25 umene chinyezi chake chili pa 70 pa 100, ukautenthetsa kufika madigiri 50 chinyezicho chimatsika kufika cha m'ma 18, osachotsamo dontho ndi limodzi lomwe. Umakhala ndi ludzu, titero. Ukadutsa pa mango umamwa, koma ukamwa uyenera kutuluka kuti ubwere wina.

Ndi mmisiri tinasiyana maganizo pawiri. Iye amafuna kukhoma sefa ya waya wokutidwa ndi zinki pa mathireyi popeza ndi yolimba. Ndinakana, chifukwa asidi wa m'chipatso amadya zinki, ndipo zodyekazo zimathera m'chakudya. Taika sefa ya pulasitiki yoyenera zakudya. Kachiwiri anati chumuni n'chachikulu kwambiri, kutentha konse kuzithawira pamenepo. Apa ndinagonja pang'ono, anaika kachitseko kotsekera chumunicho. Miyendo ya kabati taiimika m'zitini za madzi chifukwa cha nyerere, ndipo polowera ndi potulukira mpweya taphimba ndi neti kuti ntchentche zisalowe.

Thireyi imodzi taipaka chizindikiro chofiira ndipo talemba pambali pake kulemera kwake ili yopanda kanthu. Imeneyi ndiyo tiziyeza.

Tsiku 8 ndi 9

Ulendo woyamba tataya wonse, ndipo cholakwa ndi chathu. Tinayamba kusenda dzuwa litakwera kale, mathireyi analowa cha m'ma 11 koloko. Poona kuti mango atsala ambiri, tinaunjika makilogalamu awiri ndi theka pathireyi iliyonse, zidutswa zikugundana, zina pamwamba pa zinzake. Kadulidwenso kanali ka aliyense ndi dzanja lake: zina zopyapyala ngati pepala, zina zonenepa ngati chala.

Pofika madzulo pamwamba pa zidutswa panali pakunyezimirabe madzi. Usiku mpweya unaleka kuyenda, m'kabati munali mofunda ndi monyowa, ndipo shuga wa m'mango anayamba kusasa. M'mawa titatsegula, fungo linatilandira ngati la mowa. Mayi aja ananunkhiza kamodzi n'kunena kuti, "Izi musavutike nazo, ana anga, dzuwa silibweza chosasa." Tinayesabe kuumitsa pang'ono kuti tione. Zinauma, koma fungo silinachoke.

Tagwirizana zitatu. Kusenda kuziyamba kusanache kuti 7 koloko izikwana mathireyi ali kale m'kabati. Pathireyi sipazipitirira magalamu 1,500, ndipo pakati pa zidutswa pazioneka sefa. Zidutswa zonse zikhale mamilimita 5 kapena 6 kunenepa kwake. Pa ichi mmisiri watikhomera timatabwa tiwiri ta mamilimita 6 m'mbali mwa thabwa lodulira, kuti mpeni uziyenda pamwamba pake.

Tsiku 12 ndi 13

Ulendo uno watipusitsa, ndipo ndiulemba motalikirapo kuti tisadzaiwale.

Zonse zija tinatsata. Pathireyi yofiira panali magalamu 1,500 enieni, ndiye nambala yoidikira inali 1,500 × 17 ÷ 86, amene ndi magalamu 297. Ndinalemba 300 ndi choko pachitseko cha kabati.

Kunacha kopanda mtambo. Poopa za kusasa zija, tinatseka kachitseko ka pachumuni pafupifupi konse kuti mutenthe kwambiri. Masana choyezera kutentha chinafika madigiri 72, ife n'kumasangalala. Cha m'ma 10 koloko ndinaona timadontho ta madzi mkati mwa chitseko cha kabati, koma sindinatilabadire. Pamenepo mpamene ndikanadziwa kuti mpweya wakhuta madzi ndipo ukusowa kotulukira. Tsiku lachiwiri tinatsegulako pang'ono koma kutentha kunali kokwerabe.

Madzulo a tsiku lachiwiri zidutswa zimaoneka zatha. Kunja kunali kouma, kosamata, kolimba ndithu, ndipo m'mbali munali mutaderako. Alamu anatenga chimodzi, kuchipinda, kuchigogoda pathebulo, n'kunena, "Alamu, izi zauma, bweretsani mapepala tipakire." Mayi aja anavomereza. Inenso zala zanga zimandiuza chimodzimodzi. Koma thireyi itakwera pa sikelo, titachotsera kulemera kwa thireyiyo, panatsala magalamu 390.

Kusiyana kwa 390 ndi 300 kumaoneka kochepa kwa munthu amene anayambira pa 1,500. Koma zouma za pathireyi imeneyo sizisintha, ndi magalamu 255 kuyambira m'mawa woyamba mpaka kalekale, popeza ndi 17 pa 100 a 1,500. Ngati zonse zikulemera 390, ndiye kuti 135 ndi madzi, ndipo 135 mwa 390 ndi pafupifupi 35 pa 100. Timafuna 14. Madzi otere chuku chimameramo mosavuta.

Ndinang'amba chidutswa chonenepako pakati. Kunja kunali kachikhungu kolimba, koma mkati munali mofewa, mowala, ndipo nditafinya ndi zikhadabo panatuluka kamadzi. Chimachitika n'chakuti kutentha kukapitirira, pamwamba pamauma msanga kuposa mmene madzi amkati angayendere kubwera kunja. Shuga wa pamwambapo amauma n'kupanga chikhungu, ndipo chikhunguchi chimachedwetsa madzi otsalawo. Mdima wa m'mbali uja ndi shuga amene wayamba kupserera. Kutentha koyenera zipatso zotere ndi madigiri apakati pa 55 ndi 60, ndipo mpweya uziyenda nthawi yonse.

Alamu sanakhutire. Anati sikelo ikhoza kunama, mwina mango a lero anali ndi shuga wambiri kuposa amene ndinayeza mu uvuni. Mfundo yawo si yopanda pake, mango amasiyanadi, ena zouma zake zimafika 20 pa 100. Koma ngakhale titatenga 20, nambala yodikira ikanakhala 349, osati 390. Kuti mkangano uthe, tadzaza botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu ndi zidutswa zina, tatseka zolimba, talemba tsiku. Zotsalazo zabwerera m'kabati, chumuni chili chotsegula.

Tsiku 17

Botolo layankha. Tsiku lotsatira lomwe mkati mwa galasi munachita thukuta. Tsiku lachiwiri zidutswa zimene zinali zolimba kunja zinafewa n'kumatana, chifukwa madzi amkati anali atafalikira paliponse. Lero pa ziwiri paoneka timadontho toyera taubweya. Alamu analiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukazula msomali wa kachitseko ka pachumuni kaja. Kachitsekoko tsopano n'kopalira moto.

Zimene tinabwezera m'kabati zinafika pa 305 patapita tsiku lina ndi theka. Zikudyeka, koma zada ndipo zikulimba potafuna. Izi tidya tokha.

Tsiku 19

Mvula kuyambira usiku, choncho sitinasende. Tinapezerapo mwayi woyesa ganizo lina lija la mafuta a mpendadzuwa, popeza tinabwereka makina ofinyira mafuta a pamanja ndipo mwini wake akuwafuna sabata yamawa. Ndi a mtundu umene Carl Bielenberg anapanga ku Tanzania mu 1985: mpini wautali umakankha chitsulo cholowa m'kachipinda ka timipata, mafuta amatuluka m'timipatamo, zotsalira zimatulukira kumapeto kumene kuli chomangira chimene umalimbitsa kapena kumasula.

Tinapeta mpendadzuwa wakuda wa makoko ofewa, n'kuchotsa timiyala, chifukwa kamwala kamodzi kakhoza kuwononga timipata tija. Wamizeremizere wa makoko olimba suyenera makinawa, mafuta ake ndi ochepa ndipo umalemetsa mpini. Makilogalamu 5 oyamba tinafinya ozizira momwemo, anatipatsa mamililita 800, mikono ili yowawa. Makilogalamu 5 achiwiri tinayamba tawafunditsa mumphika pa moto wochepa, osakazinga, kungoti dzanja lizimva kufunda koma likhoza kukhalamo. Anatuluka lita imodzi ndi mamililita 150, ndipo mpini unapepuka. Mafuta ofunda amayenda msanga, nkhani yake ndi yomweyo. Tsiku la dzuwa kungoyala mbewu papepala lakuda kungakwanire.

Tisadzinamize: mpendadzuwa wotere uli ndi mafuta cha m'ma 40 pa 100, ndiye m'makilogalamu 5 muli malita oposa awiri. Ife tatulutsa theka, theka latsala m'zofinyidwa. Sizotayika, ziweto zimadya, koma powerengera phindu tiyenera kuwerengera zinthu ziwiri, mafuta ndi zotsalirazo. Mafutawo atuluka akuda bii ndi tinyenyeswa. Tawathira m'chidebe chouma kuti adikhe masiku angapo tisanasefe pansalu. Chidebe chikhale choumadi, chifukwa madzi ndiwo amafulumizitsa mafuta kununkha.

Ntchito imeneyi tiibwerera mango akatha. Mbewu ili m'matumba, siikuthamangira kulikonse.

Tsiku 22 mpaka 24

Ulendo wachitatu, ndipo woyamba umene ndingapatse mlendo osachita manyazi.

Tinadzuka kukadali mdima. Mango tinatsuka asanasendedwe, mipeni ndi thabwa tinatsuka ndi madzi otentha, m'manja ndi sopo. Izi sindikulemba mwamwambo chabe: madigiri 55 saphika chipatso, ndiye tizilombo timene talowa podula tikhoza kukhalabe moyo mpaka m'paketi. Anthu awiri anatenga maola awiri kusenda ndi kudula makilogalamu 10.

Mathireyi awiri tinaviika zidutswa zake mphindi zisanu m'madzi a mandimu, kapu imodzi ya mandimu m'makapu anayi a madzi, kuti tione ngati mtundu usungike. Enawo tinawasiya. Chenjezo kwa amene adzagwire ntchitoyi ine kulibe: yezani magalamu 1,500 aja musanaviike. Mukayeza zitanyowa mwawerengera madzi a m'beseni ngati mango, ndipo nambala yanu yodikira ikwera molakwika. Thireyi yofiira sitinaiviike dala.

Tawonjezera kafani kakang'ono pakamwa pa chumuni, koyendera sola ndi kabatire. Kutentha kunakhala pakati pa madigiri 52 ndi 60 kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko. Maola awiri alionse timasinthanitsa mathireyi, yapansi kupita pamwamba, popeza yapansi ndi imene imalandira mpweya wouma poyamba ndipo yapamwamba imalandira umene wamwa kale. Popanda kusinthanitsa, thireyi yofiira ikanangonena za iyo yokha. Masana tinatembenuza zidutswa kamodzi zisanamatirire pasefa.

Mmene sikelo inayendera ndi umu. Pa 7 koloko, 1,500. Pa 12 koloko, 960. Pa 5 koloko madzulo, 520. Tsiku limodzi lachotsa magalamu 980 mwa 1,200 amene timafuna achoke, ndipo munthu ungaganize kuti mawa pofika 10 koloko zatha. Ayi ndithu. Usiku tinasiya fani ikuyenda mpaka batire itatha, kenaka tinatseka polowera mpweya kuti mame asalowe. M'mawa sikelo inati 505. Tsiku lachiwiri lonse, dzuwa lomwelo, linangochotsa 165, kufika pa 340. Magalamu 40 omaliza anadya m'mawa wonse wa tsiku lachitatu. Pa 1 koloko masana inati 301, pa 2 koloko 299, ndipo tinatulutsa.

Madzi oyamba amachoka msanga chifukwa ali pamwamba, mpweya umangowatola. Otsiriza ali pakati pa chidutswa, agwirana ndi shuga, ndipo ayenera kuyenda okha pang'onopang'ono kufika kunja. Pamenepa kuwonjezera moto sikuthandiza, n'chimene chinatipweteka ulendo watha. Chimene chimafupikitsa nthawi imeneyi ndi kupyapyala kwa chidutswa, chifukwa mtunda woti madzi ayende umachepa. N'chifukwa chake chidutswa chimodzi chonenepa pakati pa zinzake n'choopsa: sikelo imanena za thireyi yonse, siinena za icho. Zonenepa zochokera m'mbali mwa njere tsopano tikuziika pathireyi yakeyake.

Zala nazo zili ndi ntchito, bola zibwere pambuyo pa sikelo. Chidutswa chiyambe chazizira, chifukwa chofunda chimamveka chofewa kuposa mmene chilili. Chouma bwino chimapindika osathyoka, ukachipinda pawiri sichimatana, ndipo ukaching'amba mkati mulibe powala ndi madzi. Mathireyi onse anayi pamodzi atipatsa magalamu 1,190.

Za mandimu: kusiyana kulipo koma si kwakukulu. Zoviika zawala pang'ono ndipo kakomedwe kake kali ndi kowawasa kosangalatsa. Mango owala kwambiri amene amagulitsidwa m'mapaketi nthawi zambiri amaviikidwa m'mankhwala a salafaiti. Amasungadi mtundu, koma ena odwala mphumu amawadwalitsa, ndipo amayenera kulembedwa papaketi. Ife tikhala ndi mandimu, tivomereze kuti katundu wathu azidera pang'onopang'ono akamakhalitsa.

Tsiku 26

Zidutswa zili m'mabotolo, osadzaza, malo otsala gawo limodzi mwa atatu. Zikhala masiku 7, tikuzigwedeza tsiku lililonse. Cholinga n'choti zouma kwambiri zitengeko chinyezi kwa zofewako mpaka zonse zifanane, ndipo ngati penapake tinalakwitsa galasi lichita thukuta tisanapakire. Mpaka pano galasi ndi louma.

Mayi aja ndi amene abweretsa ganizo labwino kuposa onse a papepala lija. Amadandaula ndi mnofu umene umatsalira panjere ndi tizidutswa tosaoneka bwino, komanso mango aulusi amene tinawakana tsiku lachitatu. Anafinya zonsezi ndi manja m'beseni, n'kuzikanikiza pasefa ndi chipande. Ulusi unatsala pamwamba, pansi panatsika phala losalala. Anathiramo mandimu pang'ono, n'kulipaka papepala la pulasitiki lolimba lopakidwa timafuta, kunenepa kwake mamilimita 3 kapena 4, m'mbali monenepako chifukwa m'mbali ndimo mumayamba kuuma. Patatha masiku awiri m'kabati linasendeka lonse lathunthu osang'ambika, n'kupindika bwinobwino. Alamu alitcha mkeka wa mango, ndipo dzinalo lakhala.

Ubwino wake ngwakuti pano mpeni ulibe ntchito, kapsedwe kopitirira si vuto bola asakhale owola, ndipo mango amene palibe amawafuna alowa m'gulu. Vuto lake, pepala limatseka mpweya wochokera pansi, ndiye limauma mbali imodzi yokha. Likasendeka tikulitembenuza kuti kunsi kuumenso maola angapo. Pakati pa chimodzi panali pokhuthala, ndipo ndi pokhapo pamene panatsala pomata. Sindinayezebe zouma za phalali mu uvuni, choncho nambala yake yodikira tilibe. Ndichita mawa, mango aulusiwa sangafanane ndi Kenti.

Tsiku 33

Masiku 7 anakwana popanda thukuta kapena fungo. Pamene mabotolo amadikira, ndinayesa mapepala opakira ndi zidutswa zoderapo za ulendo wachiwiri. Magalamu 100 m'kapepala kopyapyala komanga mfundo, magalamu 100 ena m'pepala lokhuthala lomata ndi moto. Patha sabata ya mvula. Kopyapyala kakulemera 105 ndipo zamkati zayamba kumata, lokhuthala likadali pa 100. Chipatso chouma chimakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo pulasitiki yopyapyala siichitsekereza. Pomata tikuonetsetsa kuti pamzere womatirapo pasakhale shuga, apo ayi pamatsala kampata. Kuyesa kwake n'kumiza paketi m'madzi ndi kuifinya, tithovu tikatuluka ndiye kuti yaboola.

Chimene chikundisowetsa tulo si kaumitsidwe tsopano koma kuchuluka. Kabati yathu imalandira makilogalamu 10 a mango n'kuwasunga masiku awiri ndi theka. Kukakhala dzuwa sabata yonse tingachite maulendo awiri, mwina atatu, ndiye kuti zikachulukitsitsa ndi makilogalamu cha m'ma atatu ndi theka a zouma. Mtengo umodzi waukulu ukhoza kutidyetsa ntchito masabata angapo, pamene mango ake amapsa pafupifupi nthawi imodzi. Ndipo m'masiku 33 amenewa, ambiri anali a mitambo. Kukulitsa kabati kokha sikungathandize, popeza lata lakuda lija ndi limene limapereka kutentha, ndipo mamita awiri ake akungokwanira mathireyi anayi. Mathireyi asanu ndi atatu afuna lata lowirikiza.

Tsiku 34

Tapakira mapaketi 11 a magalamu 100, lililonse talemba tsiku ndi nambala ya ulendo. Atatu sitigulitsa. Akhala pashelefu, ndiziwayeza Lolemba lililonse ndi kutsegula limodzi pakatha mwezi, lina miyezi itatu, lina isanu ndi umodzi, kuti tsiku lothera ntchito limene tidzalembe papaketi lichokere pa zimene taona. Tisanagulitse kwa anthu osawadziwa tifunikanso kupititsa zina kukayezedwa chinyezi ndi tizilombo kwa oona za miyezo ya zakudya.

Phala la mango aulusi latuluka mu uvuni pa magalamu 15 mwa 100, ndiye kilogalamu imodzi ya phala iziima pa 174. Ndalemba ndi choko pansi pa 300 uja.

Nkhani ya tsiku la mitambo ikadali poyera. Mmisiri akuti akhoza kuika mbaula kunja kwa kabati, ndi paipi yachitsulo yodutsa pansi pa mathireyi n'kutulukira mbali ina, kuti kutentha kulowe koma utsi usakhudze chipatso. Alamu akuopa kuti tibwerera ku madigiri 72. Tagwirizana kuti tiyese kabati ili yopanda kanthu, choyezera kutentha chili pathireyi yapansi, tisanaikemo mango. Paipi ibwera Lachinayi.